Kafukufuku wa atsikana ojomba ndi osiya sukulu mu Blantyre: mutu uti mungaukwanitse osapweteka mwana?

Wophunzira wa chaka chomaliza akauzidwa kuti apeze mutu wa kafukufuku pa maphunziro a atsikana, umene umabwera msanga m'mutu ndi wakuti "zifukwa zimene atsikana amasiyira sukulu". Asupavaiza a ku MUBAS, ku Domasi kapena ku Nguludi mutu umenewu anauwerenga mpaka kutopa nawo, ndipo mayankho ake amawadziwa pepala lisanalembedwe: umphawi, mimba, maukwati, mtunda. Mayankhowa si abodza, koma munthu akhoza kuwalemba ali chikhalire m'chipinda chake ku Chitawira osaponda pasukulu ngakhale imodzi.

Pali vuto linanso lalikulu. Ambiri mwa atsikana amene mukufuna kuwafufuza ndi ana. Kuyambira 2017, malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la maukwati la 2015 linaika 18 ngati msinkhu wokwatiwira. Ndiye kuti funso looneka lophweka ngati "unasiyiranji sukulu?" likhoza kuvundukula mlandu wapolisi, inu muli ndi kope ndi cholembera basi.

Mutu uliwonse umene ndiuike apa ndiuyeza pa zinthu zitatu. Kodi mungaumalize m'miyezi itatu kapena inayi ndi ndalama za m'thumba la wophunzira? Kodi zimene mupeze zikhala zodalirika? Nanga mtsikana amene mwamufunsa, mawa mukachoka, atsala bwanji?

Kucheza ndi atsikana amene anasiya sukulu

Uwu ndi mutu umene umakoka mtima, ndipo ndi umene ndingakuletseni ngati muli pa dipuloma kapena digiri yoyamba.

Tiyambe ndi kuwapeza kwake. Mtsikana amene anasiya sukulu sapezeka pasukulu. Kuti mumupeze mudzafunsa ahedi, amayi a gulu loona za atsikana pasukulupo, kapena amfumu. Iwo adzakulozerani amene nkhani yawo inamveka dera lonse, ndiye kuti amene anatenga mimba. Mtsikana amene anangozilala pang'onopang'ono, lero wapita mawa wajomba mpaka kulekeratu n'kuyamba kugulitsa zitumbuwa ku Limbe, palibe amene amamukumbukira. Mapeto ake, mwa atsikana khumi amene mwacheza nawo, asanu ndi atatu ndi a mimba, inu n'kulemba kuti mimba ndiyo chifukwa chachikulu. Chimene mwayeza pamenepo ndi zimene amakumbukira anthu amene anakulozerani njira.

Kenako pali maso a anthu. Ku Mbayani kapena ku Ndirande nyumba n'zothithikana, khomo lina kuyang'anana ndi linzake. Mlendo wonyamula mapepala akalowa pakhomo, dzuwa lisanalowe mzere wonse wadziwa kuti "abwera a zamimba aja". Mwalonjeza chinsinsi papepala, koma kufika kwanu komweko kwaulula kale.

Chovuta kwambiri ndi ichi. Mtsikana wa zaka 15 akakuuzani kuti mimba anampatsa ndi aphunzitsi, kapena amalume ake, kapena bambo amene amamulipirira fizi, simungalembe m'kope n'kupita kukakwera minibasi. Nkhani yotere iyenera kufika kwa oteteza ana: ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, nthambi yapolisi yothandiza ozunzidwa, malo a Chikwanekwane ku chipatala cha Queen Elizabeth, kapena nambala yaulere ya 116. Mwanayo ayeneranso kuuzidwa musanayambe kucheza kuti chinsinsi chanu chili ndi malire amenewa. Mabungwe akuluakulu amene amachita kafukufuku wotere amakhala ndi aphungu ophunzira, ndondomeko yotumizira ana kolandira thandizo, ndi ndalama zobwereranso kukaona ngati mwanayo ali bwino. Wophunzira alibe chilichonse mwa izi. Ndipo chilolezo cha makolo, chimene n'chofunika kwa aliyense wosakwana zaka 18, mukachipempha kwa ndani ngati wovutitsa mwanayo ali m'nyumba momwemo?

Ngati mtima wanu wakakamira pomwepo, njira imene ingatheke ndi kucheza ndi amayi achitsikana a zaka 20 mpaka 24 amene anasiya sukulu kale, omwe angavomere okha, ndipo muwapeze kudzera m'magulu a banki m'khonde kapena malo ophunzirira zosoka m'malo mowalondola kunyumba. Ngozi imachepa ndithu. Chimene mumataya n'chakuti munthu akamakumbukira za zaka zisanu zapitazo amafupikitsa nkhani. Miyezi yambiri ya kulephera mayeso, kubwereza kalasi ndi kuthamangitsidwa chifukwa cha ndalama imasanduka mawu amodzi akuti "ndinakwatiwa".

Msambo ndi kujomba

Mutu uwu watchuka chifukwa cha mabungwe ogawa mapadi, ndipo ophunzira ambiri amauyamba atatsimikiza kale yankho. Musanalembe pempho lanu, dziwani zimene ena anapeza kale kuno kwathu. Kafukufuku wa bungwe la Population Council amene anayamba mu 2007 kutsatira achinyamata a m'maboma a Balaka ndi Machinga anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu aliwonse ananena kuti anajombapo tsiku limodzi kapena kuposerapo pamene anali kumwezi komaliza. Koma atawerengera kujomba konse pamodzi, gawo la msambo linali lochepa, ndipo atsikana sankajomba kuposa anyamata. Awa ndi maboma akumidzi, osati Blantyre, komabe phunziro lake likukukhudzani. Mukangofunsa kuti "unayamba wajombapo chifukwa cha kumwezi?" ambiri adzati eya, ndipo nambala yanu idzaoneka yaikulu. Funso limeneli silikuuzani kuti pa masiku onse ojomba, a msambo ndi angati poyerekeza ndi a malungo, maliro, kulera mng'ono wodwala kapena kusowa sopo wochapira yunifolomu.

Kafunsidwe kakenso kali ndi minga. Kugawa mapepala a mafunso m'kalasi ya sitandade 7, anyamata akusuzumira pawindo, ndi kuchititsa manyazi ana. Wofufuza wamwamuna asayese n'komwe kufunsa yekha.

Pali kachigawo ka mutu umenewu kamene ndimakakonda chifukwa sikafuna kufunsa mwana aliyense: kuona zimbudzi zenizenizo. Mumatenga sukulu zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu, n'kuwerenga zimbudzi za atsikana zimene zikugwira ntchito, kusiya zimene zinadzadza kapena kugwa. Mumaona ngati chitseko chilipo ndipo chimakhomeka mkati, ngati madzi alipo tsiku limene mwafikalo, ngati chipinda chosinthira chilipo, ndiponso kiyi wake amakhala ndi ndani. Chipinda chosinthira chimene kiyi wake ali mu ofesi ya ahedi aamuna chili ngati kulibe. Mukagawa chiwerengero cha atsikana ndi zimbudzi zogwira ntchito mumapeza nambala imene komiti ya sukulu ingaigwiritse ntchito. Pitani kawiri kapena katatu masiku osiyana, chifukwa mu Blantyre mpopi ukhoza kutuluka madzi Lolemba, Lachinayi n'kukhala gwaa. Malire ake ndi akuti simunganene kuti zimbudzi ndizo zikujombetsa atsikana. Mwangofotokoza mmene zinthu zilili, ndipo mutu wanu unene zomwezo.

Manambala amene boma linasonkhanitsa kale

Apa mwana simumufika n'komwe, ndalama yake ndi ya bandulo basi. Unduna wa Zamaphunziro umatulutsa lipoti la EMIS chaka ndi chaka, lokhala ndi ziwerengero za ana olembetsa, obwereza ndi osiya sukulu, boma lililonse palokha, Blantyre wa m'tauni ndi Blantyre wa kumidzi atawalekanitsa. Ofesi ya boma ya kalembera ya NSO ku Zomba ili ndi kafukufuku wa dziko lonse wa MICS wa 2019-20 ndi wa DHS wa 2015-16. Wa DHS ameneyu anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali oyembekezera.

Kwa amene masamu samuvuta, njira iyi ndi yabwino, ndipo funso ngati "kodi kusiyana kwa anyamata ndi atsikana kumayambira sitandade iti m'tauni, nanga kumidzi?" limayankhika. Chenjerani ndi ziwiri. Zifukwa zosiyira sukulu zimene zili mu EMIS amalemba ndi ahedi podzadza fomu, ndiye ndi zimene sukulu inamva kapena kuganiza. Ndipo kafukufuku wa dziko lonse mukamuchepetsa kufika pa atsikana a zaka 14 mpaka 17 a mu Blantyre mokha, mumatsala ndi anthu ochepa kwambiri moti peresenti yake imagwedezeka ndi anthu atatu okha.

Kubwerera kusukulu atabereka: kufunsa akuluakulu

Boma linavomereza mu 1993 kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu, ndipo ndondomeko yake inaunikidwanso mu 2018. Mutu wanzeru apa ndi kuona mmene ndondomekoyi ikugwirira ntchito pasukulu, ndipo amene mumawafunsa ndi akuluakulu okhaokha: ahedi, aphunzitsi a uphungu, amayi a gulu la pasukulu, a komiti, ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale za m'zoniyo.

Pezani chikalata cha ndondomekoyo, muchiwerenge, mutulutsemo masitepe amene sukulu ikuyenera kutsata. Kenako funsani mafunso amene yankho lake lingaonedwe ndi maso. Kodi chikalatacho chilipo pasukulu pano, ndingachione? Mtsikana akapezeka woyembekezera, chimalembedwa n'chiyani, ndipo m'buku liti? Amene amakamuyendera ndani? Chaka chathachi anabwerera angati, ndipo mwa iwo anamaliza chaka angati? Funso lomalizali ndilo la phindu, chifukwa kubwerera tsiku loyamba n'kosavuta. Nkhondo ili pa kukhalitsa, khanda likudwala usiku, anzake m'kalasi akumuitana kuti "make mwana". Ena amasankha kukayamba sukulu ina kothawa manyazi, ndiye sukulu yake yakale imamuwerenga ngati sanabwerere.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti chilolezo sichivuta kwenikweni ndipo anthu 15 kapena 20 akukwanirani. Kufooka kwake ndi kwakuti akuluakulu amadziwa yankho loyenera. Palibe ahedi amene angakuuzeni kuti "ife timawakana". Choncho afunseni padera padera, ndipo yang'anani pamene mawu a ahedi akusemphana ndi a amayi a gulu. Amayiwa amadziwa zambiri, koma akayamba kulongosola amatchula mayina. Adulireni mwaulemu poyamba pomwe: "Mayi, mukamandiuza nkhani musatchule dzina la mwana kapena la makolo ake, mungoti mtsikana wina." Ndipo pasukulu pamene anabwerera mtsikana mmodzi yekha, nkhani yake ikalembedwa mwatsatanetsatane aliyense wa m'deralo amuzindikira ngakhale dzina palibe. Phatikizani sukulu zingapo polemba.

Kaundula wa m'kalasi

Ndikanakhala supavaiza wanu, ndikanakukankhirani kuno. Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Nthawi zambiri amayamba ndi kujomba Lachisanu, kenako masiku atatu otsatizana, kenako sabata, kenako teremu yatsopano ikatsegulidwa dzina lake lilibe mwini. Mapazi onsewa amatsala m'kaundula, buku limene aphunzitsi amaitanira mayina m'mawa, ndipo ndi ochepa amene amabwerera kukaliwerenga.

N'chifukwa chiyani osangofunsa anawo kuti anajomba kangati? Ku Zomba m'zaka za 2008 ndi 2009 kunachitika kafukufuku wodziwika wopereka ndalama kwa atsikana ndi makolo awo, wotsogoleredwa ndi Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Atayerekeza zimene atsikanawo ankanena ndi zimene zinali m'mabuku a sukulu, anapeza kuti atsikana ankanena kuti amapita kusukulu kuposa mmene mabuku ankasonyezera. Mwana amayankha chimene akuganiza kuti mlendo akufuna kumva.

Funso lanu likhale lopapatiza. Mwachitsanzo: m'sitandade 5 mpaka 8, kodi kujomba kwa atsikana kumasiyana bwanji ndi kwa anyamata, ndipo kodi amene anajomba kwambiri teremu yachiwiri ndi amene sanaonekenso teremu yachitatu? Sankhani sukulu zinayi, ziwiri za m'tauni monga za kumbali ya Bangwe kapena Chilomoni, ziwiri za kumidzi cha ku Lirangwe kapena ku Chileka. Anyamata musawasiye. Popanda iwo simungadziwe ngati vuto ndi la atsikana kapena la ana onse.

Kukopera kwake muchitire mu ofesi ya sukulu. Musajambule kaundula pafoni, chifukwa chithunzi chokhala ndi mayina a ana chimathera pa WhatsApp mosadziwa. Mwana aliyense mumpatse nambala, monga A7-014, kutanthauza sukulu A, sitandade 7, mwana wachi 14. Pepala lolumikiza nambala ndi dzina litsale ndi ahedi. Inu mutenge zinayi zokha: mnyamata kapena mtsikana, zaka, ngati akubwereza kalasi, ndi chizindikiro cha tsiku lililonse. Mu Excel, mwana aliyense mzere wake: madanga A mpaka D akhale a nambala ya mwana ndi zitatu zoyamba zija, kenako kuyambira pa E tsiku lililonse danga lake. Lembani 1 ngati anabwera, 0 ngati anajomba, ndipo tsiku limene aphunzitsi sanaitane mayina musalembe kanthu. Gawo la masiku amene mwana anajomba mulipeza chonchi:

```
=COUNTIF(E2:BL2,0)/COUNT(E2:BL2)
```

`COUNT` amawerenga madanga okhala ndi nambala okha, ndiye masiku opanda kanthu aja salowa m'chiwerengero.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongopeka kuti muone pamene anthu amapunthwa. Tinene kuti sitandade 7 ina ili ndi atsikana 60 ndi anyamata 55, teremu inali ya masiku 60, koma mayina anaitanidwa masiku 48 okha. Mwawerenga ziro za atsikana, zakwana 432. Wofulumira agawa 432 ndi 3,600, kutanthauza atsikana 60 kuchulukitsa masiku 60, n'kupeza 12 peresenti. Walakwa, chifukwa watenga masiku 12 osalembedwa aja ngati kuti aliyense anabwera. Zoona zake ndi kugawa 432 ndi 2,880, atsikana 60 kuchulukitsa masiku 48, ndipo yankho ndi 15 peresenti. Anyamata, tinene, ziro zawo ndi 370 pa 2,640, yomwe ndi 14 peresenti.

Mukaima pamenepa mudzalemba kuti palibe kusiyana kwenikweni, n'kutseka buku. Koma sanjani atsikanawo kuyambira wojomba kwambiri. Mukhoza kupeza kuti atsikana 9 okha anajomba masiku 24 aliyense, theka la masiku onse olembedwa, ndipo iwowa okha atenga 216 mwa ziro 432 zija. Otsala 51 agawana 216 enawo, pafupifupi masiku anayi aliyense. Kalasi imeneyi ilibe vuto la atsikana onse. Ili ndi atsikana 9 amene akutuluka pakhomo aphunzitsi akuona. Tsopano yang'anani zaka zawo. Mwana woyamba sitandade 1 ali ndi zaka 6 n'kumakhoza chaka chilichonse amafika sitandade 7 ali ndi zaka 12. Ngati ambiri mwa 9 aja ali ndi zaka 15 kapena 16 ndipo akubwereza, mwapeza chinthu chimene ahedi angachigwiritse ntchito teremu yomweyo: kudziwa mwana woyenera kumuyendera asanasowe. Chitaninso chimodzimodzi kwa anyamata, muone ngati kujomba kwawo kwamwazikana kapena nakonso kwaunjikana pa ochepa.

Kenako tsegulani kaundula wa teremu yachitatu. Mwa 9 aja alipo angati? Apa pali msampha waukulu wa m'tauni. Mabanja a lendi amasamukasamuka, lero ku Zingwangwa, mwezi wamawa ku Machinjiri, ndipo ana ena amatumizidwa kumudzi kwa agogo zinthu zikathina. Dzina likasowa m'kaundula sizitanthauza kuti mwanayo wasiya sukulu. Funsani buku la olembetsa ndi makalata a transifa, ndipo mugawe osowawo patatu: amene anatenga transifa, amene sukulu ikutsimikiza kuti anasiya, ndi amene sakudziwika kumene ali. Gulu lachitatuli mulilembe momwemo kuti osadziwika, ngakhale likhale lalikulu kuposa enawo. Kuliponya m'gulu la osiya sukulu kuti nambala ikule ndi bodza.

Kaundulayo nayenso amanama, ndipo muyenera kudziwa kumugwira. Mphunzitsi wa ana opitirira 100 akati aitane dzina lililonse, phunziro loyamba latha, ndiye ena amadzadza sabata yonse Lachisanu kapena akamva kuti a PEA akubwera. Zizindikiro zake zimaoneka: sabata yathunthu yolembedwa ndi inki imodzi ndi dzanja lothamanga mofanana, masabata atatu opanda wojomba ngakhale mmodzi m'mwezi wa Febuluwale pamene mvula ndi malungo zili pachimake, kapena chizindikiro choti ana anabwera pa tsiku la tchuthi ngati 3 Malichi. Njira yoyesera ndi kupempha kuti muwerenge mitu m'kalasi masiku atatu osapanganika, anyamata padera atsikana padera, popanda kufunsa dzina, n'kuyerekeza ndi zimene zalembedwa tsikulo. Werengani m'mawa, muwerengenso itadutsa nthawi yopuma. M'sukulu zolandira phala, monga za Mary's Meals, kusiyana kwa manambala awiriwa kukuuzani ngati ana ena amachoka akangomwa phala. Kalasi imene kaundula wake walephera mayeso amenewa muichotse, ndipo mulembe kuti mwaichotsa ndi chifukwa chake. Musatchule mphunzitsi. Mukanyazitsa aphunzitsi mwatsekera khomo wophunzira wina wobwera chaka chamawa.

Samalaninso posankha chaka. Teremu imene inayamba mu Januwale 2023 si yoyerekezera nayo zinthu mu Blantyre: sukulu zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi namondwe wa Freddy anagwetsa matope ku Soche ndi ku Chilobwe, sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Chaka cha 2020 n'chimodzimodzi, poti sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19 n'kuyamba kutsegulidwa mu Seputembala. Ngati funso lanu ndi lakuti ndani anabwerera Freddy atadutsa, chabwino, umenewo ndi mutu pawokha, koma yambani mwafunsa ngati mabuku a chaka chimenecho anapulumuka.

Chimene kaundula sangakuuzeni ndi chifukwa. Adzakuonetsani kuti Lachisanu kapena tsiku la msika ku Lunzu ana amachepa, koma sanena kuti apita kukagulitsa kapena kukatani. Apa mukhoza kuwonjezera kucheza ndi aphunzitsi a makalasiwo ndi amayi a gulu, kuwaonetsa chithunzi cha manambala opanda mayina n'kufunsa kuti iwo akuona kuti n'chiyani. Polemba, zimenezo muzitche maganizo a aphunzitsi, zisasanduke zimene mwatsimikiza.

Makalata ndi nthawi

Njira iliyonse yofika pasukulu imayamba ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku. KUHeS ndi mayunivesite ena ali ndi makomiti awo, ndipo pamwamba pali komiti ya NCRSH ya bungwe la boma loona za sayansi la NCST ku Lilongwe. Funsani asupavaiza anu sabata yoyamba kuti yanu ndi iti ndipo imakumana liti, chifukwa mafunso okhudza ana amabwezedwa kawirikawiri kuti akonzedwe. Mukapeza chilolezo chimenecho, pitani ndi kalata ya kukoleji kwanu ku ofesi ya maphunziro ya boma, imene ambiri timaitchabe ya DEM. Sukulu za pulayimale za mumzinda ndi za kumidzi zili ndi maofesi osiyana, pamene za sekondale, kuphatikizapo ma CDSS, zili pansi pa ofesi ya chigawo ya SWED. Kuchoka apo mukaonekere kwa a PEA ku TDC, kenako kwa ahedi. Siginecha ya ahedi ikukulolani kulowa pasukulu ndi kuona mabuku. Siilowa m'malo mwa chilolezo cha kholo ngati mukufunsa mwana, ndipo mwanayo ali ndi ufulu wokana ngakhale kholo lavomera. Aphunzitsi asakhale amene akusankha kapena kuitana ana, poti mwana sakana mawu a aphunzitsi.

Pewani masabata a mayeso a MANEB ndi sabata yomaliza ya teremu, pamene aphunzitsi ali kalikiliki ndi kuchonga. Kukopera kalasi imodzi ya ana 115 kumadya tsiku lathunthu, ndiye makalasi 16 a sukulu zinayi ndi masabata atatu kapena anayi. Ngati nthawi yachepa, chepetsani makalasi mutenge sitandade 6 ndi 7 zokha, koma sukulu zikhalebe zinayi. Sitandade 8 imasokoneza teremu yachitatu, chifukwa anawo akalemba PSLCE amachoka. Mu lipoti lanu sukulu zikhale A, B, C ndi D, zaka muziike m'magulu monga 11 mpaka 13 ndi 14 kupita m'tsogolo, ndipo gulu lililonse lokhala ndi ana osakwana asanu muliphatikize ndi linzake. Mukamaliza, sukulu iliyonse muipatse tsamba limodzi la manambala ake okha, ndi manambala achinsinsi a ana ojomba kwambiri aja, kuti ahedi awamasulire okha ndi pepala limene linatsala m'manja mwawo.